Chithunzi kaye, sizasi pambuyo

Mikangano yambiri ya pakhonde la telala imayambira pa mawu amodzi: "Munditsanzire iyi." Kasitomala amatulutsa foni, amaonetsa diresi limene waliona litavalidwa ndi munthu wina, amasiya chitenje, amayezedwa, nkumapita. Pakapita sabata ziwiri akubwera kudzatenga, nkhope imagwa. Telala amalumbira kuti wasoka ndendende zimene anaonetsedwa, ndipo nthawi zambiri sanama. Kasitomala nayenso amalumbira kuti sizimene ankafuna, ndipo nayenso sanama. Chimene onse awiri sanachione nsalu isanadulidwe ndi diresi lija lili pa thupi la mwini wakeyo, litapangidwa ndi chitenje chimene wabweretsacho.

Kuli telala wina ku Ndirande, bambo wachikulire ndithu, amene anatopa ndi mikangano yotereyi. Pa zovala zovuta, iye salola kuti sizasi ikhudze nsalu ya munthu asanayambe wamujambula chithunzi ndi kuyeserapo sitayilo pa chithunzicho. Ena amaona ngati nchionetsero chabe chokopera makasitomala. Ine ndinakhala naye pamene ankasoka chovala cha azakhali anga, ndipo ndinaona kuti nkhaniyi ili ndi masamu ake, ilinso ndi malire ake amene mwini wakeyo amawadziwa bwino kuposa omutamanda.

Azakhaliwo ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wawo. Anabwera ndi zitenje ziwiri zofanana, chilichonse cha mamita 2, monga mmene timagulira pamsika. Chinali chitenje chobiriwira modera, chokhala ndi maluwa akuluakulu achikasu onga mpendadzuwa, lililonse lili ndi kamtengo kake pansi. Pafoni anali ndi chithunzi cha diresi lija logwira thupi kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo kenako nkutambasuka pansi ngati chipsepse cha nsomba. Wovala diresilo anali mtsikana wamtali, woonda, ataima chammbali.

"A telala, iyi ndiye ndaikonda. Ndikufuna tsiku limenelo anthu adziwe kuti mayi wa mwana ndi uti."

Bambo aja sanatsutse, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti satsutsa kasitomala ndi pakamwa. Anangoti, "Chabwino mayi, taimani apa pakhoma ndikujambuleni kaye."

Kujambula kwake sikunali kwa chisawawa. Anawauza kuti achotse juzi ndi chitenje chimene anamanga m'chiuno, atsale ndi zovala zosakhuthala, avale nsapato zotalika ngati zimene adzavale pa tsikulo, aime mowongoka manja atawatalikitsa pang'ono ndi thupi. Iye anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, pafupifupi mamita atatu, nagwada mpaka foni inafika pa msinkhu wa chiuno chawo, ataigwira mowongoka osaipendeketsa. Anajambula zitatu: chakutsogolo, chammbali ndi chakumbuyo.

Chifukwa chake nchakuti munthu akakujambula ataima pafupi, foni ili kumaso kwake, amayenera kuiweramitsa kuti mapazi ako alowe. Pamenepo mutu uli pafupi ndi foni, mapazi ali kutali, ndiye pachithunzi mutu ndi mapewa zimakula pamene miyendo imafupika. Wojambulira pansi amachita zosiyana, amakupatsa miyendo yaitali imene ulibe, ndipo zithunzi zambiri za madiresi zimene timasirira pafoni zimajambulidwa chotero mwadala. Chithunzi chopotoka ngati chimenecho ukayeserapo utali wa bulauzi, yankho lake limakhala labodza. Telalayu ali ndi njira yosavuta yodziwira: amaimika munthu pafupi ndi chitseko. Ngati mafelemu a chitseko pachithunzi akuoneka oyandikana pansi kapena pamwamba m'malo moyenda mowongoka, foni inapendekeka, ajambulenso. Ndicho chifukwa chake salandira zithunzi zimene kasitomala wadzijambula yekha pagalasi.

Kenako anayala chitenje patebulo panja, pamthunzi, naika tepi yoyezera pamwamba pake, nachijambula atachiyang'ana chindunji kuchokera pamwamba. Tepi ija ndiyo mtima wa ntchito yonseyi.

Muyeso wa chithunzi

Kuika chitenje pa chithunzi cha munthu aliyense angathe. Mwana wa sukulu amene ali ndi foni angakuchitireni m'mphindi zisanu. Vuto ndi lakuti duwa la pachitenje lingathe kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa ndi zala ziwiri mpaka lioneke bwino, pamene pansalu yeniyeni duwalo lili ndi kukula kumodzi kokha. Ukalichepetsa pachithunzi ndiye kuti waonetsa kasitomala chitenje chimene kulibe.

Choncho choyamba ndi kupeza muyeso. Azakhali ndi aatali masentimita 160 atavala nsapato. Bambo aja anatumiza mnyamata wawo kokasindikiza zithunzi, ndipo anamuuza kuti munthuyo atuluke wotalika masentimita 20 papepala, zimene zimakwana bwino pa pepala wamba la A4. Masamu ake ndi opepuka: 160 kugawa ndi 20 ndi 8. Sentimita imodzi papepala ikuimira masentimita 8 pathupi. Atayeza duwa pachitenje anapeza kuti ndi la masentimita 32 kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo maluwawo amabwerezedwa pa masentimita 48 aliwonse motsatira utali wa nsalu. Ndiye kuti papepala duwa liyenera kukhala la masentimita 4, ndipo kuchokera pakati pa duwa lina kufika pakati pa linzake payenera kukhala masentimita 6. Osaposa, osachepera.

Iye amagwiritsa ntchito pepala loonekera, lija ana amakoperapo mapu, kuliika pamwamba pa chithunzi nkumajambulapo ndi pensulo. Pepala lina loonekera amajambulapo maluwa pa muyeso wake, kuti azitha kulisuntha pansi pa chojambula cha diresi nkumaona pamene duwa likugwera. Mnyamata wake amachita zomwezo pafoni ndi pulogalamu ya ibis Paint X: chithunzi cha munthu pansi, cha chitenje pamwamba pake, nkufufuta zotsala kunja kwa diresi. Akasankha njira yosakanizira zithunzi yotchedwa Multiply, mithunzi ya thupi imaonekera kudzera m'chitenjecho, ndiye chimaoneka ngati chavalidwadi osati chomatidwa. Za pafoni zimakongola kwambiri ndipo makasitomala amazikonda, koma mkuluyo amayamba wayang'ana ngati tepi ya pachithunzi cha nsalu ikugwirizana ndi utali wa munthu. Ikapanda kugwirizana, amauza mnyamatayo kuti ayambirenso.

Atajambula diresi la chipsepse lija pa chithunzi cha azakhali, zinthu ziwiri zinaonekera pomwepo popanda wina kulankhula.

Choyamba chinali duwa. Chifuwa chawo pachithunzi chinali chotambalala masentimita anayi ndi pang'ono, ndipo duwa linali la masentimita anayi. Duwa limodzi linadzaza chifuwa chonse ngati mbale. Pa chitenje choyalidwa patebulo silinkaoneka lalikulu chomwecho, chifukwa diso limaliyerekeza ndi mamita awiri a nsalu osati ndi thupi.

Chachiwiri chinali kagawidwe ka thupi. Ojambula mafashoni amayeza munthu ndi mutu wake, ndipo mwachizolowezi amajambula thupi lotalika mitu isanu ndi inayi kuti zovala zioneke zolendewera bwino. Anthu wamba ambiri timatalika mitu isanu ndi iwiri kapena isanu ndi iwiri ndi theka. Mutu wa azakhali ndi pafupifupi masentimita 22, ndiye iwo ndi mitu isanu ndi iwiri ndi kachidutswa. Mtsikana wa pafoni uja, ndi nsapato zake zazitali ndi wojambula wake wogwada, ankaoneka ngati wa mitu isanu ndi inayi. Pa iye, gawo logwira thupi linali lalitali ndipo chipsepse chinkabwera mochedwa, mokoma. Pa azakhali gawo lomwelo linali lalifupi ndi lotambalala, ndipo mzere wa m'mawondo unkawadula pawiri.

Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi. "Iii, ndiye ndine ameneyu?"

"Ndinu mayi. Diresi ndi lomwe lija, sindinasinthe kanthu."

Apa ndi pamene ndimaona phindu lenileni la njirayi. Telala akanena ndi pakamwa kuti sitayilo iyi sikukhalani, kasitomala amamva kuti wanyozedwa thupi, kapena amaganiza kuti telalayo sadziwa kuisoka ndipo akuzemba. Chithunzi chimachotsa telala pakati. Munthu amadziona yekha nkudziweruza yekha.

Zimene pepala limalola koma nsalu nkukana

Azakhali sanagonje msanga. Anagwira pepala la maluwa lija nkulitsitsa ndi chala mpaka duwa linachoka pachifuwa. "Nanga mukaliika apa?"

Papepala zinatheka. Pansalu sizikanatheka, ndipo chifukwa chake chimafuna kufotokoza pang'ono. Chitenje chimakhala chotambalala pafupifupi masentimita 115. Ukachotsa mphepete ziwiri zija zolembedwa dzina la nsalu, umatsala ndi ngati 112. Pa chitenje ichi maluwa anaimirira mopingasa nsalu, monga zimakhalira ndi zitenje zambiri kuti munthu akamanga m'chiuno zithunzi zikhale chilili. Ndiye kuti utali wa chovala uyenera kuchokera m'masentimita 112 amenewa. Gawo la diresi lochokera paphewa kufika m'mawondo, pamodzi ndi zosiyira misoko, linkafuna pafupifupi masentimita 100. Malo osunthira m'mwamba kapena m'munsi anali masentimita 12 okha, amene papepala ndi sentimita imodzi ndi theka. Azakhali anali atasuntha duwa masentimita atatu. Bambo aja anajambula mizere iwiri pa pepala la maluwa, kusonyeza pamene nsalu yathera, ndipo phewa la diresi linapezeka lili kunja kwa mzere, pamalo pamene palibe nsalu.

Ichi ndi cholakwa chimene oyamba kumene njirayi amachita kawirikawiri. Pafoni chitenje sichitha. Ungachikokere kulikonse, ungachibwereze kangapo konse. Ngati pa chojambula palibe malire a nsalu, telala amalonjeza chimene sangadule.

Chipsepse nacho chinali ndi mlandu wake. Kuti chitambasuke bwino amachidula ngati theka la bwalo. Kuzungulira m'mawondo, ndi mpata woyendera, pankafunika pafupifupi mita imodzi, ndipo kuchokera m'mawondo kufika pansi ndi masentimita 45. Theka la bwalo lotere limadya nsalu yotalika pafupifupi masentimita 160 mwa 200 a chitenje chachiwiri. Choyamba chikanathera ku thupi la diresi, chifukwa kuti maluwa akhale pakati kutsogolo ndi kumbuyo umataya nsalu yambiri pakati pa zidutswa. Zotsala zikanakwana manja aafupi, koma mpango wakumutu ayi, ndipo mayi wa mwana pachinkhoswe wopanda mpango wofanana ndi chovala, azakhali sakanalola. Kuwonjezera apo, nsalu ikadulidwa mozungulira, maluwa a kutsogolo amaima bwino koma akamapita m'mbali amapendekeka mpaka kugona chammbali, timitengo tawo titaloza kutsogolo. Pa nsalu yopanda zithunzi palibe amene angaone. Pa mpendadzuwa wa masentimita 32 aliyense angaone.

Zonsezi chithunzi sichinanene. Anazinena ndi tepi ndi choko. Chithunzi chinangothandiza kuti azakhali akhulupirire.

Anagwirizana zoyesa chilundu, bulauzi ndi siketi yaitali. Apa mpamene ntchito inakoma, chifukwa chovala chikadulidwa pawiri m'chiuno, gawo lililonse limapeza ufulu wake pansalu. Bambo aja anajambula mabulauzi atatu pa mapepala atatu: yothera m'chiuno, yothera pamahipi penipeni, ndi yothera pakati pa ziwirizi. Yothera pamahipi inaika mzere pamalo otambalala kwambiri a thupi, ndipo diso linkathamangira pomwepo. Yothera m'chiuno inaonetsa mimba, imene azakhali sankafuna kuti ikhale nkhani. Anasankha yapakati. Kusiyana kwake pathupi ndi masentimita asanu ndi atatu okha, sentimita imodzi papepala, koma ukaika mapepalawo pamodzi umaona ngati ndi anthu atatu osiyana. Khosi ndi manja anasankha mwachangu, panalibe zovuta.

Siketi ndiyo inatenga nthawi. Kuchokera m'chiuno kufika pansi ndi masentimita 98, ndipo ndi mpindiro ndi zosiyira imafika 104. Malo osunthira analinso ochepa. Chitenjecho chinali ndi mizere iwiri ya maluwa, ndipo mzere wapamwamba unkagwera masentimita ngati 17 pansi pa chiuno, kaya ufune kaya usafune. Telala wachizolowezi amaika duwa pakati, chifukwa ndi mmene ambiri anaphunzirira. Pa chithunzi chakutsogolo duwalo linakhala pamimba. Pa chakumbuyo linakhala pambina penipeni, lachikasu, lozungulira. Tonse tinaseka, azakhali kuposa tonse. Ndinakumbuka madiresi angapo amene ndinawaonapo m'maukwati, eni ake akuvina osadziwa chimene a kumbuyo akuona. Munthu sadziona kumbuyo, ndipo pagalasi la telala amangodzipotokola pang'ono nkuti zili bwino. Chithunzi chakumbuyo ndicho chimene makasitomala ambiri amachita nacho manyazi pojambulidwa, koma ndicho chimapulumutsa.

Popeza sakanatha kusuntha maluwa m'mwamba kapena m'munsi, anawasuntha chammbali. Pakati pa duwa ndi duwa pali mpata wobiriwira wa masentimita 16. Anaika mpatawo pakati pa thupi, maluwa nkupita m'mbali. Pachithunzi panaoneka mzere wodera wotsika kuchokera m'chiuno mpaka pansi, ndi theka la duwa uku ndi uku. Bulauzi anaidula chimodzimodzi kuti mzerewo uyambire kukhosi, ndipo popeza bulauzi ndi yaifupi, anali ndi mpata wotsitsa maluwa kuti achoke pachifuwa.

Kumene chithunzi chimabisa

Apa panali msampha wina umene ine sindikanauona. Mahipi a azakhali ndi masentimita 112 kuzungulira. Theka lake ndi 56. Koma pachithunzi chakutsogolo mahipiwo ankaoneka otambalala masentimita asanu, kutanthauza 40 pathupi. Masentimita 16 enawo ali kuti? Akhotera m'mbali, kumene kamera ya kutsogolo sikuona. Thupi ndi lozungulira, chithunzi ndi chafulati. Amene angayeze nsalu kuchokera pachithunzi adzasoka chovala chosalowa, ndipo ndicho chifukwa chake telalayu satenga muyeso ngakhale umodzi wodulira kuchokera papepala. Wodulira amautenga pathupi ndi tepi, monga ankachitira asanakhale ndi foni.

M'mbali mobisikamo ndi momwe maluwa anali atapita tsopano. Siketi wamba imakhala ndi msoko mbali iliyonse. Msokowo ukanadula duwa la kutsogolo litapitirira theka, nkudulanso la kumbuyo chimodzimodzi, ndipo polumikiza pakanatuluka duwa lotambalala ngati dzira, la mitima iwiri. Bambo aja anazindikira izi poyang'ana chithunzi chammbali. Anatenga chitenje chenichenicho, nachizunguliza pa azakhali, mpata wobiriwira uli kutsogolo, ndipo anaona kuti nsalu imodzi ingathe kuzungulira thupi lonse nkukakumana kumbuyo pamalo amene nsonga zokha za maluwa zikuyambira. Ndiye anaganiza zosoka siketi yopanda misoko ya m'mbali, ya msoko umodzi wakumbuyo momwe mukhale zipi ndi chong'ambika choyendera, chiuno nkuchichepetsa ndi madati asanu ndi limodzi, timisoko tija topinda nsalu kuti igwire thupi. Mahipi 112, kuwonjezera masentimita 5 a mpata wopumira, kuwonjezera 4 mbali iliyonse ya msoko, zinakwana 125. Pa chitenje choyamba panatsala chidutswa chokwanira mpango, ngakhale unafunika kulumikizako pang'ono kuchokera ku zotsala za bulauzi.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo anawauza azakhali poyera. Siketi ya misoko itatu ikathina umaimasula malo atatu, pang'onopang'ono, osaonekera. Ya msoko umodzi umaimasulira kumbuyo kokha. Nchifukwa chake anasiya masentimita anayi m'malo mwa awiri a masiku onse.

Asanadule anachita zinthu ziwiri zimene sizikhudzana ndi chithunzi. Anawauza azakhali kuti akachape zitenjezo ndi kuzisita, chifukwa nsalu ya thonje imafupikako ikachapidwa koyamba, ndipo chitenje chatsopano chimakhala cholimba ndi mankhwala a ku fakitale amene amachoka ndi madzi. Zitabwerako anayezanso duwa ndi utambalali wa nsalu. Chinanso, anakoleka chitenje paphewa pawo nkuchisiya chilendewere. Chithunzi sichidziwa kulemera kwa nsalu. Diresi la pafoni lija linkaoneka kuti linali la nsalu yofewa yotamuka, imene imatsata thupi ngati madzi. Chitenje sichitamuka ndipo chimaima pachokha. Pa chojambula, manja a bulauzi ankagwa mofatsa chifukwa pensulo inawajambula chotero. Pa nsalu yeniyeni akanatukumuka, ndiye anachepetsa nsalu ya m'manja asanadule.

Za mtundu ndinene mwachidule. Chobiriwira cha pafoni ya mnyamata, cha papepala losindikizidwa ndi cha pachitenje zinali zitatu zosiyana, chifukwa kamera imasintha mitundu malinga ndi kuwala, ndipo foni iliyonse imaonetsa mwa njira yake. Ulusi, zipi ndi nsalu yam'kati amazisankha atagwira kachidutswa ka chitenje m'manja, panja masana. Kasitomala akatumiza chithunzi cha nsalu pa WhatsApp nkuti mugule zipi yofanana, amamuyankha kuti abweretse nsaluyo.

Pepala lomaliza, lija la bulauzi yapakati ndi mzere wobiriwira, analembapo tsiku ndi miyeso, azakhali nkusainapo, ndipo anawajambulira pafoni yawo kuti akhale nalo. Limeneli ndi pangano. Chovala chikatuluka mosiyana ndi pepala, wolakwa ndi telala ndipo akonza mwaulere. Chikafanana ndi pepala koma kasitomala wasintha maganizo, kukonzako nkolipira. Anandiuza kuti chiyambireni zimenezi, mawu akuti "sindinanene choncho" anachepa pakhonde pake. Sachita izi ndi chovala chilichonse, chifukwa zimadya ola lathunthu kapena kupitirira. Yunifolomu ya sukulu, siketi ya mvano kapena kupinda thalauza la pa kaunjika sizifuna chithunzi. Amachita pa nsalu ya zithunzi zikuluzikulu, pa sitayilo imene munthuyo sanavalepo, ndi pa nsalu imene ikawonongeka singapezekenso, monga ya yunifolomu ya ukwati imene inagulidwa yokwanira anthu owerengeka.

Pali nkhani ina imene atelala achinyamata amaipeputsa. Chithunzi cha mayi ataima mowongoka, wavula juzi, wajambulidwa kumbuyo ndi chammbali, si chinthu choti chizikhala m'foni ya mwamuna wachilendo mpaka kalekale. Amayi ena amakana, ndipo ena amuna awo ndi amene angakane. Mkuluyu amapempha kaye, ndipo kasitomala akakayika amajambula ndi foni ya kasitomalayo, kapena amauza amene wamuperekeza kuti ajambule iye akulangiza poima. Akamaliza kukopera mzere wa thupi pa pepala loonekera, nkhope siifunikanso. Chithunzi chosindikizidwa amabwezera mwini wake, cha m'foni amafufuta mwini wakeyo akuona. Kuika chithunzi cha kasitomala pa sitetasi kuti anthu aone luso lako, iye osadziwa, ndi njira yachangu yotayira makasitomala a mpingo wathunthu.

Tsiku loyesa linafika patapita sabata. Chovala chinali chongolumikizidwa ndi ulusi wotalikirana, zipi isanasokedwe. Azakhali ataima pagalasi, chinali ndendende pepala lija: mzere wobiriwira kuchokera kukhosi mpaka pansi, maluwa m'mbali, bulauzi yothera pamene anagwirizana. Anasangalala, nayamba kufunsa za tsiku lodzatenga.

"Musathamange mayi. Takhalani pampandopo."

Atakhala, siketi inakwera ndipo inakoka pantchafu mpaka ulusi unayamba kuoneka. Munthu akakhala pansi mahipi ndi ntchafu zimatambasuka, ndipo ena zimatambasuka kwambiri kuposa anzawo a muyeso womwewo. Masentimita asanu a mpata anali okwanira poima, osati pokhala. Anawauza kuti agwade monga adzagwadire popereka moni kwa akuchimuna, kenako akweze manja ngati akuvina pa perekaniperekani. Bulauzi inakwera yonse pamodzi ndi manja, chizindikiro chakuti kukhwapa kunadulidwa motsika kwambiri. Ambiri amaganiza kuti kukhwapa kotsika ndiko kumapereka ufulu, koma nkosiyana: kukatsika, dzanja limakoka bulauzi yonse. Chithunzi cha munthu woima chilili sichikanaonetsa chilichonse mwa izi.

Anamasula msoko wakumbuyo sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, kuchokera pa zinayi zija anasiya, nakweza chong'ambika pang'ono kuti mwendo uzitha kutambasuka. Nsonga zachikasu za maluwa zinaonekerako kwambiri kumbuyo kusiyana ndi mmene zinalili papepala, ndipo anawaonetsa azakhali ndi magalasi awiri kuti avomereze. Kukhwapa analowetsako kachidutswa kakang'ono kobiriwira, kooneka ngati daimondi, kochokera m'zotsala. Ndinawafunsa ngati pamenepo sanalakwitse iwowo. Anavomera kuti anadula motsika sentimita imodzi kapena ziwiri, poopa kuti mayi wa manja onenepa angadandaule kuthina, ndipo anatenga pensulo nkulemba pakona pa pepala la azakhali, pansi pa miyeso, kuti ulendo wina adzakweze.